Chiboliboli cha mayi wothyola tiyi: kapangidwe kake ndi mabotolo, makatoni ndi zigamba kuti chisagwe pa chionetsero

Ikafika nthawi ya chionetsero cha zaluso kusukulu mavuto ake amakhala omwe aja. Ana apanga chinthu chokongola Lachitatu, pofika Lachisanu mutu wapendekeka, mkono wathothoka, kumsana kwamera chuku, ndiye patsiku lenilenilo chikungoima chifukwa wina wachitsamiritsa kukhoma. Kuno ku Mulanje ndi ku Thyolo zimanyanya chifukwa cha chinyezi, chiperoni chikangogwira masiku atatu katoni imafewa yokha ngakhale ili m'kalasi momwe. Ambirife timathamangira kukongoletsa, nkhope, penti, chitenje, pomwe m'kati mulibe chogwira chilichonse. Ndiye pano tiyambira m'katimo, zokongoletsa zibwera kumapeto.

Ndasankha mayi wothyola tiyi, dengu kumsana, wotalika masentimita 105. Ana akuno safunika chithunzi, amawaona amayiwa m'mawa uliwonse popita kusukulu, ena ndi amayi awo enieni. Komanso chitenje chimabisa miyendo, ndiye simuvutika ndi kuimika munthu pa timiyendo tiwiri, yomwe ndi ntchito yovuta kwa ana a pulayimale. Gulu la ana 6 mpaka 8 a Sitandade 6 kupita m'mwamba likwanitsa. Yambani kukadali masabata atatu, ngati ndi pakati pa Meyi ndi Ogasiti onjezerani sabata ina yodikira kuti ziume.

## Zofunika kusonkhanitsa

- Chigubu chimodzi cha malita 5, chabwino ndi chija kamwa lake lili pakati
- Mabotolo awiri a malita 2 ngati a Sobo, okhala ndi zitsekerero zake
- Mabotolo obiriwira apulasitiki 10 kapena kuposa, a masamba a tiyi
- Zitsekerero za mabotolo zosachepera 12
- Makatoni olimba 6, a sopo kapena a mafuta ophikira, osanyowapo
- Nsungwi youma ya masentimita 100, yonenepa ngati chala chachikulu, ndi kachidutswa kena ka masentimita 26
- Mchenga wouma wodzaza chigubu chija
- Malegeni, linya, ndi waya wolimbako wambiri
- Nyuzipepala zakale ndi mapepala a khaki a mabelo a shuga
- Chitenje chakutha, bulauzi yakale, ndi zigamba za kwa atelala
- Ufa wa makaka, mchere, ndi kabotolo ka guluu woyera wa akalipentala
- Sizasi, mpeni wakuthwa, pulayazi, msomali, tepi yoyezera, mapegi a zovala

Chenjezo lisanafike pena paliponse. Kuno n'kwa alimi, ana akamatola mabotolo amabweretsanso a mankhwala opopera tomato ndi mbewu zina. Amenewo ayi, ngakhale atatsukidwa. A mankhwala a kuchipatala ayinso. Aphunzitsi muone botolo lililonse lisanalowe m'kalasi, lomwe simukulidziwa libwerere.

## Sitepe 1: Tsukani ndipo ziume

Mabotolo muwatsuke ndi sopo, muchotse mapepala a kunja, muwavundikire mozondotsa tsiku lathunthu. Kashuga kotsalira m'botolo ndi kamene kamaitana nyerere, ndipo kamadzi kotsalira kamadzatuluka nthawi yomwe mwamata kale. Chigubu cha mafuta chimafuna madzi ofunda ndi sopo kawiri, pena phulusa limathandiza. Mchenga muuyanike pa thumba padzuwa mpaka uziyoyoka m'manja osagwirana. Zigamba ndi chitenje zichapidwe.

## Sitepe 2: Tsinde lolemera

Dulani makatoni anayi ofanana, masentimita 50 mbali zonse. Tsopano yang'anani m'mphepete mwa katoni, muona timizere ta m'kati tokhala ngati timipaipi, tonse tolowera mbali imodzi. Katoni imapindika mosavuta motsatira timizereto koma mopingasa imakana. Ndiye posanja, yoyamba timizere tilowere uku, yachiwiri tipingase, yachitatu ngati yoyamba, yachinayi ipingasenso. Matani ndi guluu, muikepo mulu wa mabuku kapena njerwa usiku wonse. Mukasanja zonse molowera kumodzi tsindelo lidzapindika pakati tsiku loyamba lomwe mudzalinyamule.

Likauma, matani zitsekerero zija kunsi, kufalitsa ponseponse mpaka pakati, kuti katoni isamakhudze simenti. Simenti ya m'kalasi imatuluka thukuta nyengo yozizira ndipo katoni imamwa chinyezi chimenecho kuyambira pansi.

Ikani nsungwi yaitali ija m'chigubu mpaka igunde pansi, mwana mmodzi aigwire chilili, wina azithira mchenga pang'onopang'ono uku akugogoda chigubu kuti ukhazikike. Chigubu cha malita 5 chikadzaza mchenga wouma chimalemera makilogalamu 7 kapena kuposerapo pang'ono, ndipo kulemera kumeneku ndi kumene kudzagwire chiboliboli chonse. Pakamwa tsinyirani zigamba zolimba kuzungulira nsungwi kuti isamagwedere. Ngati chigubu chanu ndi chija kamwa lili pambali, boolani bowo pakati pamwamba, nsungwi idutse pamenepo. Osathira madzi m'malo mwa mchenga, amagwedezeka ndipo tsiku lina adzadontha.

Khazikani chigubu pakati pa tsinde. Boolani mabowo anayi pa tsindelo kuzungulira chigubu, mudutsitse waya kunsi n'kubwera pamwamba kudzapota pakhosi pa chigubu. Kankhani nsonga ya nsungwi ndi chala, tsinde lonse liyende limodzi nayo. Ngati chigubu chikusuntha pachokha potaninso waya.

## Sitepe 3: Miyezo isanathawe

Apa ndi pamene ziboliboli zambiri za ana zimasokonekera, mutu umakula kwambiri manja n'kufupika. Munthu wamkulu kutalika kwake kumakwana pafupifupi mitu yake 7. Nchifukwa chake ndasankha 105, mutu ukhala wa masentimita 15 ndipo masamu ake savuta. Tengani choko mulembe pa nsungwi kuyeza kuchokera pamwamba pa tsinde: pa 52 ndi pakati pa thupi pomwe miyendo imayambira, pa 60 m'chiuno, pa 83 mapewa, pa 90 chibwano. Nsungwi ithera pa 100, ndiye kuti masentimita 10 adzalowa m'mutu.

Imikani mwana mmodzi kutsogolo anzake amuone. Chigongono chimafika m'chiuno, nsonga za zala zimafika pakati pa ntchafu. Ana akaona okha pa mnzawo sadzakanganso kuti manja atalika.

## Sitepe 4: Mapewa ndi chifuwa

Pa 83 paja semani kamphako kosazama pa nsungwi yaitali, kuti kachidutswa ka masentimita 26 kakhale m'menemo mopingasa. Mangani ndi legeni modutsanitsa, kukoka zolimba ngati mukumanga katundu pa kaliyala. Popanda kamphako mapewa amatsetserekera pansi pang'onopang'ono chifukwa nsungwi ndi yoterera. Osazamitsa, mukadula kupitirira khungu lolimba lija nsungwi idzathyokera pomwepo.

Mabotolo awiri a malita 2 aja muwatseke zolimba ali opanda kanthu. Botolo lotseka limakhala ndi mpweya m'kati ndiye silifwanyika mukamalimanga, lotsegula limangophwafuka. Muwazondotse, matako m'mwamba pansi pa mapewa, makosi kuloza m'chiuno, lina kumanzere kwa nsungwi lina kumanja. Mukaona chonchi thupi latuluka kale, kumtunda kotambalala kumunsi kopyapyala. Mangani malo awiri ndi malegeni, kenako mumangirirenso ku nsungwi ya mapewa ija kuti asatsike. Mipata ya kutsogolo ndi kumbuyo tsekani ndi nyuzipepala zofwinya, kuzimanga ndi linya.

Wothyola tiyi saima njo ngati msilikali, amawerama pang'ono. Koma musapendeketse nsungwi. Kuweramako muzakuonetse poonjezera mapepala kumsana chakumtunda ndi poweramitsa mutu, nsungwi ikhale yowongoka basi.

## Sitepe 5: Kumunsi

Dulani katoni yotalika masentimita 60, yozungulira 95, timizere tija tiime chilili kuchokera pansi kupita m'mwamba. Mukatero ipindika bwino kuzungulira chigubu komanso inyamula kulemera. Musanaikulunge ikokeni m'mphepete mwa desiki kangapo kuti ifewe, apo ayi imathyoka makonamakona. Kumtunda dulani timipata tosongoka 6, totalika ngati chikhatho, n'kukumanitsa m'mbali mwake kuti pachiuno pachepe. Sokani polumikizira ndi waya kapena linya poboola ndi msomali. Guluu yekha pamenepa sagwira chifukwa katoni imafuna kubwerera mmene inalili.

M'katimo, pakati pa chigubu ndi chiuno, dzazani nyuzipepala zofwinya kapena timabotolo totseka kuti mwana akadzakankha ndi bondo pasalowe. Mapazi ndi tizidutswa tiwiri ta katoni tosanjikiza, masentimita 15, tongosuzumira kunsi kwa chitenje.

## Sitepe 6: Manja ndi mutu

Mkono uliwonse ndi masentimita 45 kuchokera paphewa: 19 kufika pa chigongono, 15 kufika pamfundo ya dzanja, 11 chikhatho ndi zala. Pindani waya pawiri n'kumupota, ndipo akhale mmodzi wochokera ku dzanja lamanzere, kudutsa pa nsungwi ya mapewa atakulungidwa kangapo, kukathera ku dzanja lamanja. Mikono yongolumikiza payokhapayokha ndi imene imathothoka. Kulungani katoni yopyapyala kuzungulira wayayo, chidutswa china kumtunda china kumunsi, pa chigongono pakhale kampata kuti mupinde. Pindani tsopano manja alunjike kutsogolo chapachiuno. Mukadzamata sadzapindikanso.

Zala zimavuta, musalimbane ndi zisanu zotambasula. Dzanja lothyola tiyi limakhala lofumbata pang'ono, chala chachikulu ndi cholozera zitakumana. Dulani chikhatho pa katoni, pindani zala zitatu m'kati, ziwirizo muzilimbitse ndi kawaya kuti zidzagwire tsamba. Nsonga zonse za waya zipindidwe ndi pulayazi kulowa m'kati, zimabaya.

Mutu muupangire pa nsungwi pompo, osaupangira padera n'kudzauvala. Fwinyani nyuzipepala kuzungulira nsonga ija, kumanga ndi linya, kuonjezera mpaka ukwane 15 kutalika ndi 11 m'lifupi. Boolani nsungwi chapa 95 mudutsitse kawaya kopingasa kakhale m'kati mwa mapepalawo, kameneka kamaletsa mutu kuzungulira kapena kuzuka. Khosi kulungani ndi nsanza zolimba kuyambira pachibwano mpaka kukagwira mapewa. Mphuno ndi kachidutswa ka katoni kopinda. Maso amakhala pakati penipeni pa mutu, ana amakonda kuwaika pamphumi.

Musanapitirire yesani. Kankhani paphewa kuti chipendekeke ngati chikhatho chimodzi, n'kusiya. Chibwerere chokha. Yesani kutsogolo, kumbuyo ndi m'mbali. Chikafuna kugwa konzani panopa, mwina tsinde lachepa kapena nsungwi siili pakati, chifukwa mukamata simudzafikanso m'katimo.

## Sitepe 7: Kuphika phala lomatira

Kapu imodzi ya ufa wa makaka wosefa, makapu 5 a madzi. Sungunulani ufawo m'kapu imodzi ya madzi ozizira kaye, makapu anayi otsalawo awire pamoto, kenako thirani muli kutakasa osaleka. Pakatha mphindi zitatu mpaka zisanu lisintha, kuyera kuja kuchoka, liyamba kuonekera ndi kunanda. Phulani, thirani masipuni awiri a mchere, lizizire. Likhale lopyapyala loti likuyenderera pa chala. Likalimba onjezani madzi otentha.

Ufa wa mgaiwa kapena woyera musayese, sugwira bwino ndipo umasiya timiyalamiyala. Fulawa amagwira, koma kuno makaka ndi osavuta kupeza ndipo phala lake likauma silisiya zoyera pa nsalu. Mcherewo umangochedwetsa chuku, sikuti umachiletsa. Phikani longokwana tsikulo, logona limasasa ndipo fungo lake limatsalira m'chiboliboli.

## Sitepe 8: Kumata, ndi kudikira

Phala siligwira pa pulasitiki, ichi chidziwikiretu. Mukamata pepala pa botolo lidzauma n'kusendeka lonse. Ndiye paliponse pamene botolo likuonekera kulungani kaye nsanza mozungulira thupi lonse ngati bandeji, mapepala adzagwire pa nsanzapo.

Mapepala muzing'amba ndi manja, osadula ndi sizasi, tizingwe totambalala ngati zala ziwiri kapena zitatu. Ong'amba m'mphepete mwake mumagona bwino osaoneka mzere. Viikani m'phala, kokani pakati pa zala ziwiri kuti lochuluka litsike, matani, sisitani mpaka mpweya utuluke. Kachingwe kalikonse kakwere pa kanzake pang'ono. Ana amakonda kuthira phala lambiri poganiza kuti ndiye kulimba, pomwe ndi madzi amenewo amene amafewetsa katoni ya m'kati.

Muyalo woyamba nyuzipepala, wachiwiri khaki, wachitatu nyuzipepala kapena khaki malinga ndi zomwe zatsala. Kusinthanitsaku kumathandiza kuona pomwe simunamate. Pakhosi, m'khwapa ndi m'chiuno onjezani muyalo wa zigamba zoviika m'phala, ndi malo amene amang'ambika. Kumunsi kudzabisika ndi chitenje ndiye miyalo iwiri yakwana.

Muyalo umodzi patsiku basi, ndipo wotsatira usabwere woyamba usanaume. Kukakhala dzuwa tsiku limodzi limakwana, kukachita chiperoni atha kukhala masiku atatu. Kudziwa kwake, gusani ndi kuseri kwa dzanja makamaka m'khwapa ndi pansi pa chibwano. Pakazizira ndiye kuti m'kati mukadali madzi ngakhale pamwamba pakuoneka pouma. Gogodaninso ndi chala, pouma pamalira gogogo, ponyowa pamangoti phuphu. Muchitulutse pakhonde dzuwa likawala, muzichitembenuza, ndipo chibwerere m'kati isanakwane 3 koloko chifukwa madzulo chinyezi chimabwerera msanga kufupi ndi phiri kuno. Masiku a nkhungu chiikeni pomwe mphepo ikudutsa pakati pa mawindo awiri. Ena amachisendeza pafupi ndi moto wa kukhitchini ya phala, zitheka koma patali, mamita awiri, ndipo wamkulu akhalepo, mabotolo a m'kati amakwinyika ndi kutentha komanso mapepala sachedwa kuyaka.

Usiku musachifunditse pulasitiki chikadali chonyowa, chimatuluka thukuta m'kati n'kumera chuku. Chifunditseni neti yakutha ya udzudzu n'kuchikweza pa tebulo, makoswe ndi mphemvu zimalikonda phala la makaka.

## Sitepe 9: Khungu ndi nkhope

Sinjani zidutswa za choko zotsala m'makalasi, sakanizani ndi guluu woyera ndi madzi pang'ono, pakani nkhope, khosi, manja ndi mapazi. Zimabisa zilembo za nyuzipepala ndipo pamasalala. Zikauma pakani mtundu wa khungu. Ngati penti palibe, sefani dothi la katondo pa kansalu, sinjani makala akhale ufa, sakanizani katondo wambiri makala pang'ono, muthire guluu ndi madzi muyezo wofanana. Yesani kaye pa katoni ina chifukwa ukauma mtundu umasintha. Popanda guluu dothilo lidzayoyoka aliyense akakhudza.

Maso, nsidze ndi milomo ajambule mwana mmodzi wa dzanja lokhazikika, ayambe ndi pensulo. Maso ayang'ane pansi pomwe pali manja.

## Sitepe 10: Kuveka

Nsalu si zonse zimamwa phala. Donthezani madzi pa chigamba, akalowa nthawi yomweyo ndi ya thonje, imeneyo iuma gwa ndipo isunga mapindo. Akamangoyenderera pamwamba ndi zija zoterera za pa kaunjika, zimenezo muzisoke kapena kumanga, kumata sizimva.

Bulauzi muidule kumsana, muiveke chakutsogolo, musoke kumbuyo komwe dengu lidzabise. Chitenje muchiviike m'phala lopyapyala, finyani bwinobwino, mangani m'chiuno mmene amayi amamangira, ndipo apa asiyireni atsikana, amadziwa okha pomwe mpindo umagwera. Mapindo agwireni ndi mapegi mpaka aume. Duku chimodzimodzi. Othyola tiyi ambiri amamanganso thumba kapena chipulasitiki pamwamba pa chitenje kuti mame ndi nthambi zisawanyowetse, ndiye kachidutswa ka thumba lochapa kutsogoloko kamapangitsa munthu wakuno kuzindikira msanga kuti awa ali m'munda wa tiyi.

Zitenje za chipani kapena zokhala ndi nkhope za anthu zisiyeni. Pachionetsero pamabwera makolo osiyanasiyana ndipo nkhani idzachoka pa ntchito ya ana.

## Sitepe 11: Dengu ndi masamba

Dengu lukani ndi tizingwe ta katoni totambalala masentimita 3, todulidwa mopingasa timizere tija kuti tizipindika osathyoka. Lotalika 30, pakamwa 25. Mkombero wake sokereranimo waya. Likhale lopepuka, chifukwa lili kumsana ndipo limakokera chiboliboli chagada. Musalidzaze, ikani kakatoni kozungulira masentimita 5 kuchokera pakamwa, masamba akhale pamwamba pokhapo. Zingwe zake zidutse pamapewa pomwe pali nsungwi ija, ndipo zikhale zomasula kuti ponyamula dengu lizichoka.

Masamba ndi ntchito yomwe ana onse atha kugawana. Dulani botolo lobiriwira kumutu ndi kumatako, wamkulu ayambitse ndi mpeni ana apitirize ndi sizasi. Pakatipo tambasulani, mudule masamba otalika masentimita 4 mpaka 6, osongoka kunsonga. Pindani lililonse pakati m'litali n'kukanikiza ndi chikhadabo, mzere umenewo ndi umene umalipatsa moyo tsambalo. Tiyi wabwino amathyola masamba awiri ndi kansonga kosatambasuka, ndiye mangani awiriawiri ndi kakang'ono kopyapyala pakati pogwiritsa ntchito kawaya kofewa. Kamodzi kaikeni pakati pa zala ziwiri zija.

Mabowo a wayawo aboole aphunzitsi ndi msomali wotentha wogwira ndi pulayazi, panja. Ana asawambe pulasitiki pa kandulo pofuna kupinda masamba, utsi wake ndi woipa ndipo yosungunuka ikadonthera pakhungu imamatirira. Mabotolo obiriwira akachepa musapake penti pa oyera osakhula, amasendeka. Khulani kaye ndi sandipepa kapena mchenga, kapena dulani masamba ena pa zigamba zobiriwira zoumitsa ndi phala.

Nthawi ikakhalapo pangani chitsamba cha tiyi kutsogolo kwake. Ndi katoni yotalika 50 yoima payokha, njerwa m'kati, pamwamba pobayidwa masamba othithikana. Pamwambapo pakhale pathyathyathya mofika chapachiuno, mmene tiyi amakhalira m'minda ya ku esiteti.

## Magulu ena apange chiyani

Njira yomweyi, cholemera pansi, cholimba pakati, ikugwira pa zina. Phiri la Mulanje limatuluka bwino posanja makatoni odula mozungulira, lililonse locheperapo kuposa la pansi pake, n'kumata khaki wofwinya kuti matanthwe aoneke. Ana aike Sapitwa pamwamba penipeni ndi kachikwangwani ka mamita 3,002, thanthwe la Chambe mbali yake, mathithi akhale tizingwe ta botolo loyera, minda ya tiyi zigamba zobiriwira m'munsi. Ili ndi losavuta, a Sitandade 4 atha. Chinanazi chachikulu ndi chigubu cha mchenga chomatidwa timakatoni tosongoka tosanjikizana kuyambira pansi, nsonga yake masamba a botolo lobiriwira. Mkoko wa nthochi wa ku Thyolo, nthochi iliyonse ndi chigamba chosoka chodzaza nsanza, zonse zomangirira ku nsungwi imodzi, ndipo umenewu ngwopachika osati woimika.

## Patsiku la chionetsero

Nyamulani anthu awiri pogwira tsinde, wachitatu angochirikiza paphewa. Osagwira mikono kapena mutu. Ngati chikupita ku sukulu ina ya m'zoni, chotsani dengu, chikwere chili chilili wina atachigwira, ndipo tengani kathumba ka guluu, waya ndi masamba apadera. Chiikeni pamthunzi posafika mvula ya mphepo, guluu woyera ndi phala sizilimbana ndi madzi. Pafupi pakhale kapepala kolemba dzina la chiboliboli, kalasi, mayina a ana ndi zipangizo zomwe zalowamo. Sankhanipo ana awiri ofotokoza, alendo amafunsa kuti m'katimu muli chiyani.

## Zolakwika zomwe zimabwerabwera

Mutu kugwera kutsogolo. Nsungwi sinalowe mokwanira kapena khosi linangomatidwa mapepala. Ng'ambani pakhosi kumbuyo, lowetsani waya wolimba kuchokera m'mutu kukamanga pa mapewa, kulungani nsanza za phala.

Timadontho takuda kapena tobiriwira ndi fungo la chinyontho. Ndi chuku, mwamata pa muyalo wosauma. Pakakhala pang'ono palani panja, chiume padzuwa masiku awiri, mumatenso. Pakafewa mpaka chala kulowa dulani chigawo chonsecho. Kupakapo penti pamwamba sikuthandiza, chimatulukiranso.

Kugwa chagada mutaika dengu. Dengu lalemera, kawirikawiri ana aikamo masamba enieni kapena miyala yoti likhazikike. Chotsani, ndipo ngati chikupendekekabe ikani njerwa pa tsinde kutsogolo n'kuibisa ndi chitsamba cha tiyi.

Mikono kutsika tsiku ndi tsiku. Waya wachepa mphamvu kapena phala linachuluka n'kuilemetsa. Pomata muziichirikiza ndi ndodo mpaka iume. Ikatsika kale, lolani dzanja limodzi litsamire pa chitsamba.

Kupaka vanishi msanga. Vanishi amatsekera chinyezi m'kati. Ngati mukufuna kuwala dikirani masiku atatu chitaumiratu, apo ayi guluu wosungunula ndi madzi wakwana.

Aphunzitsi kupanga okha. Zimaoneka, ndipo oweruza akamufunsa mwana kuti mapewa anagwira bwanji amangoyang'ana pansi. Mpeni, msomali wotentha ndi moto wa phala ndi zanu, zotsalazo ndi za ana ngakhale mphuno itakhota.

Kuchisunga pansi chionetsero chikatha. Chiswe chimalowa m'katoni kuchokera kunsi ndipo mumadzazindikira tsinde litatha. Chikhale pa tebulo kapena pa shelefu osakhudza khoma, ndipo mwezi uliwonse wina achisunthe aone kunsi kwake.